Mameseji a WhatsApp amangolowa ndikatsegula, foni yafa kapena?

*"Ine ndimagulitsa nkhuku ndi mazira ku Area 25 ndipo maoda ambiri amabwera pa WhatsApp Business. Foni yanga ndi Tecno Spark, data ndimakhala nayo, koma ikakhala mchikwama siilira olo pang'ono, ndikangotsegula WhatsApp mpamene mameseji amakhuthuka onse kamodzi, ena a mmawa. Makasitomala ayamba kunena kuti ndimanyada. Mwana wanga anandiyatsira zosunga batire chifukwa cha magetsiwa. Foni yafa kapena?"*

Mayi, foni yanu sinafe, ndipo musalole wina aitsegule kumbuyo kapena akuuzeni zofulasha, mungotaya ndalama ndi zithunzi zanu basi. Mameseji akamakhuthuka onse nthawi imodzi mukatsegula ndiye kuti netiweki ilipo, WhatsApp ili bwino, kungoti foniyo ikumaigoneka WhatsApp mukangozimitsa sikirini ndipo sikuilola kudzuka. Mwana wanu sanalakwe kufuna kusunga batire, mmene magetsi akuvutiramu aliyense akupanga zomwezo, koma zosunga batirezi zili mitundumitundu ndipo pali ina yomwe siigwirizana ndi bizinesi yodikira maoda. Komanso mameseji anuwo sakusowa, seva ya WhatsApp imasunga meseji yomwe sinafike mpaka masiku 30, nchifukwa chake mukuwapeza onse ngakhale mochedwa.

Muyambe mwamvetsa kaye mmene meseji imafikira pafoni yomwe ili mchikwama, chifukwa mukamvetsa izi zinazo muzingoziona nokha. Anthu ambiri amaganiza kuti WhatsApp imakhala maso usana ndi usiku kumafunsa kuti kodi kwabwera chani, kwabwera chani. Ayi. Ikanamatero apu iliyonse, Facebook nayo, imelo nayo, ya banki nayo, batire bwenzi likutha isanakwane 12 koloko. Chomwe chimachitika nchoti mufoni ya Android muli Google Play services, iyo ndi yomwe imagwira chingwe chimodzi chokha cholumikizana ndi maseva a Google, ndipo maapu ambiri amadalira chingwe chimenechi, dzina lake ndi Firebase Cloud Messaging. Zili ngati mlonda mmodzi wa pageti pa nyumba za lendi, alendi onse agona, kalata ikabwera mlondayo amapita kukagogoda pachitseko cha mwini wake. Kasitomala akatumiza meseji, seva ya WhatsApp imauza Google, Google imauza mlonda wa mufoni mwanu, mlondayo amagogoda kwa WhatsApp, WhatsApp imadzuka kwa masekondi ochepa, kukoka mesejiyo, kulira, kenako kugonanso. Ndiye vuto lanu likhoza kukhala pawiri, mwina mlondayo sakumva za kunja, kapena akumva bwinobwino koma waletsedwa kugogoda pachitseko cha WhatsApp. Zambiri zomwe ndimaona pa benchi yanga yokonzera mafoni ndi zachiwirizi.

Tsono kugona kwa apu kuli kosiyanasiyana. Kuyambira pa Android 6 ya mu 2015 muli chinthu chotchedwa Doze, foni ikakhala pansi osagwedezeka, sikirini yozima, siili pa tchaja, imalowa mtulo, maapu amadulidwa intaneti ndipo amangopatsidwa kampata kakafupi mwa apo ndi apo kuti apange zawo, ndipo foni ikamakhalitsa osagwiridwa timipatato timanka titalikirana. Koma Doze payokha siikanakuvutitsani chonchi, chifukwa mameseji ochezerana ndi mafoni oimbirana pa WhatsApp amatumizidwa ngati achangu ndipo achangu amaloledwa kudzutsa apu olo foni ili mtulo. Omwe amachedwa ndi Doze ndi zinthu ngati imelo, mumangoona yafika mutanyamula foni. Nde wina akakuuzani kuti ndi mmene Android ilili palibe chochita, akunama, mamiliyoni a anthu mafoni awo ali ndi Doze yomweyo ndipo amalira.

Kugona koipa ndi kuwiri. Koyamba ndi pomwe apu yaikidwa pa Restricted mu zokhudza batire. Google yomwe inalemba poyera kuti kuyambira Januwale 2019 apu yomwe yaletsedwa kugwira ntchito kumbuyo mwanjira imeneyi siipatsidwa mameseji odzutsa aja. Kachiwiri ndi pomwe apu yaimitsidwa mwamphamvu, zomwe zimachitika mukadina Force stop. Apu yoimitsidwa chonchi Android imaitenga ngati mwini foni wanena kuti sindikuifuna, ndiye palibe chomwe chingaidzutse, olo meseji ikhale yachangu bwanji, mpaka inuyo muidine ndi chala chanu. Mwaona kufanana kwake ndi zomwe zikukuchitikiranizi? Inu simunadinepo Force stop mwina, koma maapu oyeretsa foni aja, a karoketi kapena katsache, ndi zosunga batire zina zomwe opanga mafoni amaonjezera pamwamba pa Android, zimatha kuimitsa maapu mofanana ndi momwemo, mwakachetechete, mukangotseka sikirini kapena mukadina kuyeretsa. Amapanga dala kuti batire lizikhalitsa, ndipo limakhalitsadi, mtengo wake ndi umenewu.

Musanasinthe kalikonse tiyeni tiyeze kaye, chifukwa mukayamba kudinadina paliponse simudziwa chomwe chakonza. Mufunika foni yachiwiri, ya mwana wanu yomweyo ili bwino. Tsegulani WhatsApp Business pafoni yanu, tulukani ndi batani la pakati lija, zimitsani sikirini, isiyeni patebulo osaigwira kwa mphindi 30, isakhale pa tchaja. Kenako mwanayo atumize meseji ndipo muziyang'ana pafoni yake, osati yanu. Matiki aja ndi amene atiuze zoona. Tiki imodzi imatanthauza kuti meseji yafika pa seva koma sinafike pafoni yanu, matiki awiri ndiye kuti yalowa mufoni mwanu. Ngati pakhala tiki imodzi kwa mphindi zisanu, khumi, kenako mukangotsegula WhatsApp yanu matiki nkukhala awiri pompo, ndiye kuti apu inagonekedwa kapena inadulidwa intaneti, nkhani yathu ndi imeneyi. Koma ngati matiki akhala awiri nthawi yomweyo pomwe foni yanu ili zii, ndiye batire lilibe mlandu, meseji yalowa koma yaletsedwa kulira, pamenepo mukaone Notifications ya apuyo ngati ili yoyatsa, muone Do Not Disturb, muonenso ngati macheza a munthuyo simunawaike pa Mute kapena mu Archived. Kuyambira pa Android 13 apu imachita kupempha chilolezo chotumiza manotifikeshoni pomwe mwangoiika, ndipo anthu ambiri amadina Don't allow osawerenga. Chenjezo limodzi apa, ngati WhatsApp yanu munailumikizanso pa kompyuta kapena pafoni ina, matiki awiri akhoza kubwera chifukwa yafika kumeneko, ndiye muzimitse kaye zimenezo poyeza.

Poti inu mwati amakhuthuka mukatsegula, ndikuyembekeza tiki imodzi. Ndiye bwerezani kuyezako koma ulendo uno foni ili pa tchaja. Foni ikakhala pa tchaja Doze siigwira ntchito ndipo Battery Saver pamafoni ambiri imazima yokha. Ikalira ili pa tchaja koma osalira ili pa batire, mwagwira wakuba, ndi zosunga batire basi. Ikapanda kulira ngakhale pa tchaja, ndiye mwina apu ikumaimitsidwa mwamphamvu kuja, kapena vuto lili ku data, tifikako.

Tsopano gwirani Tecno yanuyo. Mayina a mamenyu amasinthasintha malinga ndi chaka cha foni, ndiye mukapanda kuliona dzina ndendende gwiritsani ntchito kabokosi kofufuzira kali pamwamba mu Settings, mulembemo battery kapena auto-start. Choyamba chotsani chachikulu chija chomwe mwana anayatsa. Pa Tecno, Infinix ndi itel, omwe onse ndi a kampani imodzi ya Transsion nchifukwa chake mamenyu awo amafanana, za batire zimakhala mu Settings pa Battery Lab kapena Power Marathon. Mmenemo mupeza zosunga batire za magulu awiri, wamba ndi ina yoopsa yokhala ndi mawu oti Ultra. Ya Ultra ija imasiya foni ngati kafoni ka mabatani, kuimba, SMS ndi timaapu tochepa tomwe mwasankha, zina zonse zimatsekedwa. Imeneyo ndi ya pomwe batire lili pa 5 peresenti muli mu minibasi ndipo mukufuna mungofika kunyumba foni isanazime, si yoyendera tsiku lonse. Izimitseni. Muonenso ngati sinaikidwe kuti iziyaka yokha batire likafika pa mlingo wina kapena nthawi ina yake, chifukwa ena amadabwa kuti mmawa foni imalira koma madzulo ayi, kumeneko nkumene kumachokera. Mukapeza mmenemo china chilichonse chokamba zotseka maapu kapena kuletsa mameseji sikirini ikazima, mawu ake amakhala ndi screen off, chizimitseninso.

Chachiwiri pitani pa apu yeniyeniyo. Dinani chizindikiro cha WhatsApp Business osachotsa chala mpaka patuluke App info, lowani, pezani Battery kapena App battery usage. Pamafoni a Android 12 kupita mtsogolo mupeza zosankha zitatu, Unrestricted, Optimized ndi Restricted. Ikani pa Unrestricted. Pamafoni akale mufufuze Battery optimization, musinthe pamwamba kuti ionetse All apps, mupeze WhatsApp Business nkusankha Don't optimize. Muli momwemo mu App info, tayang'anani batani la Force stop musanaitsegule apuyo, nthawi yomwe mukudziwa kuti mameseji sakulowa. Likakhala lofooka losadinika ndiye kuti apuyo ili kale yoimitsidwa, umenewo ndi umboni woti pali chinachake chikuipha. Ndipo dziwani kuti WhatsApp wamba ndi WhatsApp Business ndi maapu awiri osiyana, mukakonza imodzi inayo siikonzeka, ndaonapo anthu akukonza yolakwika nkumati sizinathandize.

Chachitatu, ndipo pa Tecno apa mpamene pamagona nkhani nthawi zambiri, ndi Phone Master. Itseguleni, mufufuze Auto-start management, kawirikawiri imakhala mu Toolbox. Umu ndi momwe foni imasankha maapu omwe akuloledwa kudzuka okha popanda inu kuwadina. WhatsApp Business ikhale yololedwa. Apu yomwe siili yololedwa umu, ikangotsekedwa kamodzi basi yagona mpaka muitsegule, mlonda uja olo agogode bwanji. Muonenso mu Freezer ngati foni yanu ili nayo, apu yoikidwa mu Freezer imakhala youma gwa, siilandira kanthu, ndipo ana amakonda kuponyamo maapu poyesa kuti foni ithamange.

Chachinayi ndi kaloko. Tsegulani pomwe pamaoneka maapu omwe mwangogwiritsa ntchito kumene, pezani khadi la WhatsApp Business, ndipo mulikhome. Pena mumakokera khadilo pansi, pena mumadina osachotsa chala kapena timadontho ta pakona, mpaka paoneke kachizindikiro ka loko. Khadi lokhoma silichotsedwa mukadina kuyeretsa zonse. Ndiye apa ndinenepo maganizo anga, chizolowezi chomangosesa maapu onse mphindi iliyonse chija sichisunga batire ngati mmene anthu amaganizira. Apu yomwe yangokhala mu memore osachita kanthu siidya batire kwenikweni, koma mukaichotsa, poitsegulanso foni imayamba kuinyamula kuchokera pachiyambi, ntchito yambiri kuposa ikanangoisiya. Ndipo ngati munaikamo maapu ena oyeretsa ochokera pa Play Store, aja amalonjeza kuziziritsa foni ndi kuthamangitsa RAM, achotseni onse, ntchito yawo yaikulu ndi kukuonetsani zotsatsa malonda ndi kupha maapu omwe mukuwafuna.

Mukatha izi zimitsani foni nkuiyatsanso, tsegulani WhatsApp Business kamodzi, kenako bwerezani kuyeza kuja kwa mphindi 30. Ikalira musasangalale msanga, muyezenso mmawa foni itagona usiku wonse osakhala pa tchaja, munthu atumize meseji musanaigwire. Tulo ta usiku ndi tomwe timakhala takuya, foni yomwe yapambana pamenepo ndiye kuti yakonzekadi.

Nanga ikapanda kulira mutapanga zonsezi? Ndiye tibwere ku data. Pali zinthu ziwiri zomwe zimaoneka ngati vuto la batire koma si batire. China ndi Data Saver, yomwe imaletsa maapu kugwiritsa ntchito data ali kumbuyo. Ambirife timaiyatsa poopa kuti bandulo ithe msanga, sizolakwika, koma mulowe mu App info ya WhatsApp Business, pa Mobile data, muonetsetse kuti Background data ili yoyatsa ndipo Unrestricted data usage nayo muiyatse. Mupangenso chimodzimodzi pa Google Play services, kuti muipeze pamndandanda wa maapu mungafunike kudina Show system. Anthu ena pofuna kupulumutsa data amaitsekera Google Play services poona kuti sakuidziwa ntchito yake, pamenepo ndiye kuti mwamutseka makutu mlonda, maapu onse amakhala chete nthawi imodzi, osati WhatsApp yokha. Chizindikiro chake nchimenecho, ngati Facebook, imelo ndi zina zonse zasiya kulira limodzi, musalimbane ndi apu imodziimodzi.

Chinacho ndi mtundu wa bandulo. Kuno ambiri timagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotchipa. Koma kumbukirani kuti kugogoda kuja sikudutsa pa WhatsApp, kumadutsa pa maseva a Google. Ngati bandulo yanu ikungolola njira ya ku WhatsApp yokha ndipo mulibe data ina ya wamba, mukatsegula apu zonse ziyenda bwinobwino chifukwa ikulankhula ndi seva yake mwachindunji, koma ikagona palibe woidzutsa. Kuyeza kwake nkosavuta, gulani kabandulo kakang'ono ka intaneti yonse ka tsiku limodzi kapena lumikizani pa Wi-Fi, mubwereze kuyeza kuja. Zikayenda pa data ya wamba koma osayenda pa bandulo ya WhatsApp, yankho mwalipeza, muzisunga ka data ka wamba pambali, kugogodako sikudya data yambiri, ndi timauthenga tating'ono kwambiri.

Pali kanjira koonera ngati chingwe cha ku Google chili cholumikizika. Pitani poimbira foni mulembe izi ngati mukuimba nambala:

```
*#*#426#*#*
```

Pamafoni ambiri okhala ndi Google patseguka tsamba la FCM Diagnostics. Mukaona mawu oti Connected ndi dzina la seva `mtalk.google.com` ndiye kuti mlonda akumva, vuto lili pachitseko cha apu, bwererani ku Auto-start management ndi Battery. Mukaona kuti siinalumikizike pomwe data ili yoyatsa, vuto ndi bandulo, Data Saver, kapena VPN ngati mumagwiritsa ntchito, ma VPN aulere aja amakonda kuduka sikirini ikazima nkudula zonse. Mafoni ena salola kodiyi kutseguka, zikatero si vuto, kuyeza kwa matiki kuja nkokwanira.

Kwa anzanga okonza mafoni omwe muli ndi kompyuta ndi adb, simufunika kulota, foni imanena yokha. Mutayatsa USB debugging:

```
adb shell am get-standby-bucket com.whatsapp.w4b
adb shell "dumpsys package com.whatsapp.w4b | grep stopped"
```

Lamulo loyambalo limabweza nambala ya gulu lomwe Android yaiikamo apuyo, magulu amenewa anabwera ndi Android 9 mu 2018. 10 ndi apu yomwe ikugwiritsidwa ntchito pano, 20 ndi 30 ndi zapakati, 40 ndi yomwe foni ikuiona ngati siigwiritsidwa ntchito kawirikawiri, 45 ndi yoponderezedwa kwambiri, ndipo 5 ndi yomwe yachotsedwa pa malamulo a batire, mukaika Unrestricted mumayembekeza kuona imeneyi. Lachiwirilo mukaona `stopped=true` pa apu yomwe mwini wake amaitsegula tsiku lililonse ndipo sanadine Force stop, ndiye kuti pali choyeretsa chomwe chikuiimitsa, chisakeni. Ya WhatsApp wamba dzina lake ndi `com.whatsapp`. Kungoti muziyeza izi musanaitsegule apuyo, mukaitsegula zonse zimabwerera mwakale ndipo muona ngati palibe vuto.

Owerenga ena muli ndi mafoni a mtundu wina, matenda ndi omwewa mayina okha ndi omwe asintha. Pa Samsung lowani mu Battery, nthawi zina ili mkati mwa Battery and device care, mupeze Background usage limits. Muli mndandanda wa Sleeping apps ndi wa Deep sleeping apps, apu yomwe ili mu Deep sleeping apps siigwira ntchito kumbuyo mpang'ono pomwe, ichotsenimo nkuiika mu Never sleeping apps, pena amalemba Never auto sleeping apps. Put unused apps to sleep ndi yomwe imaponya yokha maapu mmenemo mukakhala masiku osawatsegula, nchifukwa chake apu ya banki kapena ya sukulu yomwe mumaitsegula kamodzi pamwezi ndi yomwe imayamba kukhala chete. Pa Redmi ndi ma Xiaomi ena muyatse Autostart ndipo pa Battery saver ya apuyo musankhe No restrictions. Pa Huawei ndi App launch, muchotse pa zoti iziyendetsa yokha nkuyatsa zonse zitatu za Manage manually, koma ma Huawei omwe anatuluka opanda Google kuchokera kumapeto kwa 2019 nkhani yake ndi yovutirapo, mlonda wa Google uja mulibemo, ndiye apu ngati WhatsApp imadalira kukhala yamoyo yokha kumbuyo, ikangophedwa basi. A iPhone izi sizikukhudzani kwenikweni, Low Power Mode siiletsa manotifikeshoni a WhatsApp, inu mukaone Focus ndi Scheduled Summary. Ndipo amene mukugwiritsa ntchito ma WhatsApp osinthidwa aja ngati GB, musadabwe mameseji akamachedwa, komanso nambala yanu ikhoza kutsekedwa, pa bizinesi sindingakulangizeni.

Mwina mukudabwa kuti nanga bwanji mameseji a Mpamba kapena Airtel Money amalowa bwinobwino foni ili mchikwama momwemo. Amenewo ndi SMS, amabwera pa netiweki ya foni ngati mmene imabwerera kolo wamba, sadutsa pa intaneti kapena pa Google, ndiye zosunga batire siziwakhudza. Izi mungazigwiritse ntchito, pa About kapena pa meseji yolonjera ya WhatsApp Business lembani kuti oda yachangu aziimba pa laini, kuti tsiku lomwe batire latsala pang'ono ndipo mwayatsa Ultra mwadala musataye kasitomala.

Funso lomwe mwana wanu afunse ndi loti nanga batire silizitha msanga? Lizitha msangako pang'ono, koma osati mmene mukuopera, bola Unrestricted muipatse maapu awiri kapena atatu okha omwe amakubweretserani ndalama, osati onse. Enawo, magemu, TikTok, maapu ogulira zinthu, asiyeni pa Optimized, olo kuwaika pa Restricted kumene ngati simusamala za manotifikeshoni awo, pamenepo mpomwe Restricted imagwira ntchito yabwino. Chomwe chimadya batire kwambiri pafoni ndi sikirini, ndiye chepetsani kuwala, ikani kuti izizima pakatha masekondi 30, zimitsani Hotspot ndi Location pomwe simukuzifuna. Chinanso ndi netiweki yofooka, foni ikakhala pamalo pomwe timizere tili kamodzi imalimbana kufunafuna nsanja ndipo batire limatsika olo simukuigwira, ngati muli ndi ma SIM awiri ndipo imodzi siigwira bwino kwanuko, izimitseni mukakhala pakhomo. Mu WhatsApp momwemo pa Storage and data chotsani zoti mavidiyo a mmagulu azidzitsitsa okha, mupulumutsa batire ndi bandulo yomwe. Battery Saver wamba mukhoza kuisiya kuti iziyaka batire likafika pa 20 peresenti, koma mutayeza kaye ndi matiki aja kuti muone ngati pafoni yanuyo ikulola WhatsApp kulira, chifukwa mafoni amasiyana pamenepa.

Zinthu ziwiri musachite. Musadine Clear data kapena Clear storage pa WhatsApp, ndipo musaichotse kuti muiikenso musanapange Chat backup, anthu amataya macheza a makasitomala ndi ngongole zonse zolembedwa mmenemo pofuna kukonza vuto lomwe silinali mu apu nkomwe. Ndipo foni ikadzapanga apudeti yaikulu, kapena Phone Master ikadzakufunsani kuti ikonze zinthu zomwe zikudya batire inu nkuvomera, mudzabwerere mukaone Auto-start management ndi Battery ya WhatsApp Business, chifukwa nthawi zina zimabwerera pomwe zinali. Mukadzangoona kasitomala akuti ndinakutumizirani kalekale, mufunseni kuti kwake kunali tiki imodzi kapena awiri, muyambire pamenepo.